Mavidiyo a sayansi sakutseguka pa waifai ya kusukulu, ndipemphe bwanji kuti anditsegulire?

Amai Daka: Mwauka bwanji nonse pagulu pano. Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina muno mu Chipata, ndipo ndili ndi vuto lomwe landisowetsa mtendere sabata yonse ino. Ndinapeza tsamba labwino lomwe lili ndi timavidiyo tosonyeza mmene mtima umapopera magazi. Kunyumba ku Kapata ndinaonera pa foni yanga ndi bando ya MTN, zonse bwinobwino. Lolemba ndinalowetsa ana a giredi 11 mu labu ya makompyuta, aliyense pamalo pake, ndalemba adiresi pa bolodi. Tsamba linatseguka, mawu ndi zithunzi zonse zilipo, koma pamalo pa vidiyo panangokhala bokosi lotuwa. Ana makumi atatu kundiyang'ana, piriyodi kutha osaona kanthu. Ndinakumana ndi mnyamata wosamalira makompyuta pakhonde, ndinamuuza kuti intaneti yanu siigwira, iye anangoti aona. Lero Lachinayi, palibe chasintha. Kodi atseka ndani, ndipo chifukwa chiyani kutseka zinthu za maphunziro pasukulu?

Chisomo wa ku Mchini: Amai musavutike, ikani VPN yaulere pa kompyuta, pulogalamu yozembera zotseka za pa intaneti, mphindi ziwiri zonse zatseguka. Ife ku koleji ndi mmene tinkachitira.

aSakala: Mwina ndi boma latseka. Mukumbukira pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la masankho, WhatsApp ndi Facebook zinaleka kugwira dziko lonse. Zotere sungachite kanthu, umangodikira.

aJere: Zikomo Amai Daka. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndimasamalira manetiweki a maofesi angapo ndi sukulu ziwiri pakati pa Chipata ndi Katete. aSakala, yankho lili kale m'mawu a mayiwa. Anena kuti pa bando ya foni vidiyo ikuseweredwa. Zikanakhala zotsekedwa dziko lonse, pa foni pakanakananso. Uku ndiye kuyesa koyamba komwe aliyense ayenera kuchita: zimani waifai, yatsani data ya foni, tsegulani tsamba lomwelo muli pamalo omwewo. Likatseguka, chotchinga chili mkati mwa sukulu kapena ofesi yanu. Likakana konsekonse, mwina tsambalo ndilo lagwa, ndipo wa makompyuta wanu alibe chochita.

Tsono chomwe chili mkatimo ndi sefa. Ndimakonda mawu amenewa chifukwa imagwiradi ntchito ngati sefa ya ufa. Anthu ambiri amaganiza kuti mnyamata uja anakhala pansi nalemba dzina la tsamba lanu kuti litsekedwe. Kawirikawiri sizitero. Makampani opanga masefa, monga Fortinet, Sophos kapena Cisco, amagawa masamba a pa intaneti m'magulu: njuga, zolaula, masewera, malo ochezera, mavidiyo, maphunziro, ndi ena. Sukulu imangosankha magulu oti atsekedwe. Tsamba lanu lili m'gulu la maphunziro, n'chifukwa chake mawu akuoneka. Koma ndikukayikira kuti mavidiyowo sakhala pa tsambalo, amakokedwa kuchokera kwina, ndipo kwinako ndiko kuli m'gulu lotsekedwa.

Amai Daka: aJere, kwina kuti? Ine ndikuona tsamba limodzi chabe.

aJere: M'maso ndi limodzi, koma kumbuyo ndi ngati nsima ya pa ukwati, ufa wachokera nyumba iyi, ndiwo nyumba iyo. Eni tsamba ambiri amaika mavidiyo awo pa YouTube, n'kungotsegula kawindo pa tsamba lawo. Tiyeni tione ngati ndi choncho. Mukakhala mu labu, tsegulani tsambalo pa Chrome, dinani `F12`, sankhani pomwe palembedwa `Network`, kenaka dinani `F5` kuti tsamba liyambirenso. Mudzaona mndandanda ukutsika. Mizere yofiira ndiyo yakanika. Jambulani ndi foni mutumize pano.

Amai Daka: Ndachita pa nthawi ya buleki. Mzere wofiira ulipo, ndipo ukuyamba ndi `www.youtube.com`. Ndayesanso kulemba youtube.com payokha pamwamba, ndipo pabwera tsamba loyera lolembedwa kuti:

```
Web Page Blocked
Category: Streaming Media
```

Pansi pake pali nambala ya kompyuta yomwe ndinakhalapo, `192.168.1.47`.

aJere: Basi, mwapeza. Ndipo chithunzi chimenecho musachitaye, ndicho mtima wa pempho lanu. Mukayerekeza ndi mawu aja akuti "intaneti siigwira", muona chifukwa chake mnyamatayo sanachite kanthu. Iye anapita pa kompyuta yake, anatsegula Google, inatseguka, naganiza kuti vuto latha lokha. Sikuti anakunyozani, munamupatsa nkhani yopanda pogwira.

Lomba chifukwa chotsekera mavidiyo. Anthu amathamangira kuganiza za makhalidwe a ana, ndipo ndi mbali imodzi. Koma kwathu kuno chachikulu ndi kukula kwa paipi yomwe intaneti imadutsamo. Vidiyo ya YouTube yooneka bwino, ija ya `720p`, imafuna pafupifupi mamegabiti 2.5 pa sekondi. Inu munali ndi makompyuta 30. Chulukitsani, mupeza 75. Sindinaone mgwirizano wa sukulu yanu, koma tingoyerekeza kuti mumalipirira mamegabiti 20. Ana anu akanadina onse pamodzi, vidiyo ikanamangozungulira kwa aliyense, ndipo nthawi yomweyo ofesi ya aHedi ikanalephera kulowa pa tsamba la Examinations Council of Zambia, aBasa akanalephera kutumiza za NAPSA. Choncho ngakhale akanakutsegulirani labu yonse, phunziro lanu likanafabe, kungoti likanafa ndi sukulu yonse.

Bambo Mwale: Ine ndine wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ku Chadiza, ndiloleni ndiikepo mbali ya ife a mu ofesi. Kwathu intaneti timagula ndi ndalama zochepa zomwe zimafunikanso pa choko ndi mapepala. Temu ina tinasiya zonse zotsegula, ndipo bando ya mwezi inatha m'masiku ochepa, osati ndi ana okha, ngakhale ife akuluakulu ndi mpira. Tinakhala pansi ndi komiti ya makolo n'kugwirizana zotseka. Ndiye mphunzitsi akapita kwa wa makompyuta pakhonde, akumupempha kuti aphwanye chomwe akulu ake anagamula. Mwana wa eni akatsegula payekha, mawa kukachitika kanthu, amene ayankhe ndi iyeyo. Amai Daka, pitirani kwa mkulu wa dipatimenti yanu, pempho lifike kwa aHedi lolembedwa. Wa makompyuta akaona siginecha, manja ake amamasuka.

Natasha T.: Njira yachidule ndi iyi Amai: musapemphe YouTube yonse, angakane. Koperani linki ya vidiyo imodzi yomwe mukufunayo, muwapatse, atsegule yokhayo. Kuofesi kwathu ndi mmene timachitira ndi masamba ena.

aJere: Natasha, maganizo opempha chochepa ndi olondola kwambiri, koma pa vidiyo imodzi pali chovuta. Masamba pafupifupi onse masiku ano amayamba ndi `https`, kutanthauza kuti zomwe zikuyenda pakati pa kompyuta ndi tsamba ndi zomata ngati kalata ya mu envulopu. Sefa imawerenga dzina la pa envulopu, `www.youtube.com`, koma zotsatira pambuyo pa dzinalo, zomwe zimasiyanitsa vidiyo ya mtima ndi vidiyo ya nyimbo, siiziona. Kuti izione pamafunika kuika satifiketi ya sukulu pa kompyuta iliyonse kuti sefa izitsegula makalata onse, ndipo malo ambiri ang'onoang'ono sachita zimenezo, chifukwa ndi ntchito yambiri komanso zimakhudza zinsinsi za anthu. Kuofesi kwanu zimatheka chifukwa mumapempha tsamba lonse lokhala ndi dzina lakelake.

China, YouTube si dzina limodzi. Tsamba limabwera pa `youtube.com`, tizithunzi pa `ytimg.com`, ndipo vidiyo yeniyeniyo imatsika kuchokera ku `googlevideo.com`. Wa makompyuta akatsegula loyamba lokha, mudzaona bokosi la vidiyo likuoneka koma likungozungulira. Izi ndaziona kangapo, mphunzitsi n'kukwiya kuti anandinamiza, pomwe mnzathu anangoiwala dzina lachitatu.

Ndiye kuchepetsa kwake kusakhale pa vidiyo, kukhale pa kompyuta ndi pa nthawi. Pemphani kuti atsegule pa kompyuta imodzi, ya mphunzitsi yolumikizidwa ku pulojekita, pa maola a maphunziro anu, mpaka temu ithe. Kompyuta imodzi ndi mamegabiti 2.5 chabe, ndipo amene wagwira mausi ndinu.

Amai Daka: Pulojekita ilipo, imakhala mu kabati ya aHedi. Koma kalatayo ndilembe motani? Sindifuna kuoneka ngati ndikukaneneza mnyamatayo, ndi mwana waulemu.

aJere: Musatchule za pakhonde n'komwe. Lembani mwachidule, mwina motere, kenaka muike m'Chingelezi ngati ndi mwambo wa pasukulu panu:

"Ndikupempha chilolezo chogwiritsa ntchito mavidiyo a YouTube pa phunziro la kayendedwe ka magazi, giredi 11. Tsamba lomwe ndikuphunzitsira limatseguka, koma mavidiyo ake amachokera ku YouTube, yomwe ndi yotsekedwa m'gulu la `Streaming Media`. Ndaphatikiza chithunzi cha uthengawo, chomwe ndinajambula Lachinayi pa 10 koloko pa kompyuta ya `192.168.1.47`. Ndikupempha kompyuta imodzi yokha, ya mphunzitsi mu labu, Lolemba ndi Lachitatu kuyambira 8 koloko mpaka 12 koloko, kufikira kutha kwa temu ino. Ndidzaigwiritsa ntchito ndine, ana adzaonera pa pulojekita. Mavidiyo ndi anayi, maadiresi ake ndalemba pansipa, ndipo ndawaonera onse mpaka kumapeto. Ngati pali njira ina yosavuta kwa inu, ndilandira."

Muone kuti wowerenga sakufunika kukufunsaninso kanthu. Akudziwa chotseka, malo, munthu, nthawi, ndi tsiku lotsekanso. Tsiku lotsekanso limathandiza kwambiri, chifukwa chomwe ife timaopa ndi zitseko zomwe tinatsegulira munthu zaka ziwiri zapitazo, mwini wake anasamuka kalekale, chitseko chikadali pululu. Perekaninso nthawi, masiku atatu kapena sabata phunziro lisanafike, osati m'mawa womwewo ana ali kale pa mzere.

Chisomo wa ku Mchini: Koma zonsezi kalata, siginecha, sabata yathunthu, pomwe VPN ndi mphindi ziwiri? Mayiwa sakuba kanthu, akufuna kuphunzitsa ana.

aJere: Chisomo, ndikumva, ndipo cholinga chawo palibe akuchikayikira. Koma taona zomwe zingachitike. Choyamba, VPN siibisika monga anthu amaganizira. Ine pa makina anga sindiona zomwe ukuonera, koma ndimaona kuti kompyuta ya nambala yakuti yatumiza zonse ku adiresi imodzi yachilendo kwa ola lathunthu. Masefa ambiri ali ndi gulu lakelake la zozembera, ndipo kungoyesa kutsegula tsamba lotsitsira VPN kumalembedwa. Chachiwiri, pulogalamu yaulere yomwe sukudziwa mwini wake ukuiika pa kompyuta ya sukulu, pomwe aphunzitsi ena amalembapo mapasiwedi ndi mamakisi a ana. Zambia ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2021, ndipo sukulu ndiyo imasunga mayina ndi zotsatira za ana, si chinthu choseweretsa. Chachitatu, paipi ija siikula chifukwa cha VPN, 75 ikhalabe 75. Ndipo mayiwa akagwidwa, nkhani siikhalanso ya mtima ndi magazi, ikhala ya mphunzitsi wozemba malamulo pamaso pa ana omwe amawaletsa kuzemba.

Chisomo wa ku Mchini: Pa kompyuta ya sukulu ndavomera. Koma akatenga laputopu yawo ndi hotisipoti ya foni yawo, bando yawo, alakwira ndani?

Bambo Mwale: Kwathu zimenezo timalola, bola laputopu ikhale yako ndipo ana asalumikizeko. Koma mumtima sindikondwera nazo. Mphunzitsi asamagule bando ya m'thumba mwake kuti agwire ntchito ya sukulu, mawa zimasanduka chizolowezi, ofesi n'kumati mesa mumakwanitsa nokha.

aJere: Apa malo amasiyana. Maofesi ena omwe ndimathandiza amaletseratu kulumikiza kompyuta ya ntchito ku hotisipoti, chifukwa imatuluka kunja kwa chitetezo chonse kenaka n'kubwerera mkati. Laputopu yako ndi foni yako ndi nkhani ina, koma funsanibe, musaganizire.

NaZulu wa ku Petauke: Ine nkhani yanga ndi yosiyana pang'ono koma ndiinene, mwina ithandiza wina. Ndimagwira mu ofesi ya zogula pa kampani ina yogula mbewu. Chaka chatha nthawi ya soya ndinalandira imelo yooneka ngati yochokera kwa omwe amatigulitsa masaka, akuti invoisi yatsopano ili pa linki. Nditadina, sefa inakana, inalemba `Newly Registered Domain`. Ndinapsa mtima, malole ali panja akudikira masaka. Ndinaimbira wa makompyuta ndi mawu okweza kuti atsegule msanga. Iye anati nditumizireni adiresi yonse monga ilili. Patapita mphindi khumi anabwera yekha pa desiki yanga ndi pepala, walemba maadiresi awiri, wina pamwamba wina pansi. Anaika chala pa chilembo chimodzi: pa adiresi yeniyeni panali `m`, pa ya mu imelo panali `rn`, zilembo ziwiri zogundana. Tinaimbira eni masaka pa nambala yathu yakale, anati sanatumize kanthu. Mpaka lero ndikakumbukira thupi limachita tsembwe, chifukwa ndinali wokonzeka kulemba pasiwedi yanga pamenepo.

aJere: Zikomo NaZulu, nkhani yanu ikuonetsa chifukwa chake timafuna mawu enieni a pa uthenga. Gulu lomwe lalembedwa ndilo limatiuza ngati pempho ndi lopepuka kapena loopsa. `Streaming Media` kapena `Social Networking` ndi nkhani ya malamulo a pamalo, akulu akavomera timatsegula. Koma mukaona `Phishing`, `Malicious Websites` kapena lija la dzina longolembetsedwa kumene, imani kaye. Akuba amalembetsa dzina lero, kubera anthu mawa, mkuja alitaya, n'chifukwa chake masefa amakayikira dzina lililonse lakhanda kwa masiku angapo. Nthawi zina limakhaladi tsamba labwino la bungwe latsopano, koma zimenezo atsimikize ndi wa makompyuta, osati inu muli pa changu.

Zimachitikanso kuti sefa yalakwitsa gulu. Tsamba la zaumoyo lokamba za uchembere kapena za kapewedwe ka matenda opatsirana limatha kuponyedwa m'gulu la zolaula chifukwa cha mawu ake. Pamenepo pempho ndi lakuti gulu likonzedwe. Makampani a masefa ali ndi mafomu pa intaneti otumizirapo dandaulo lotere, ndipo likakonzedwa kumeneko limakonzekera onse ogwiritsa ntchito sefa imeneyo.

aSakala: Ndiye inenso ndifunseko. Pa kompyuta ya ku ofesi ya tchalitchi kwathu masamba onse akukana, akulemba `Your connection is not private`. Ndi sefa imeneyo? Ife tilibe ngakhale wa makompyuta.

aJere: aSakala, yang'anani timawu tating'ono pansi pa uthengawo. Mukaona `NET::ERR_CERT_DATE_INVALID` ndipo ndi masamba onse, yang'anani tsiku ndi nthawi pakona ya sikirini. Makompyuta akale ali ndi kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo mkati, kakatha mphamvu ndiye magetsi akazima wotchi imabwerera zaka zam'mbuyo, ndipo masamba onse amaoneka ngati satifiketi zawo ndi zolakwika. Konzani tsiku, kenaka mugule kabatire, kalembedwa `CR2032`. Koma pa netiweki yokhala ndi sefa, mukaona `NET::ERR_CERT_AUTHORITY_INVALID` pa tsamba limodzi lokha, nthawi zambiri ndi sefa ikuyesa kukuonetsani uthenga wake wotseka m'malo mwa tsambalo, bulawuza n'kuukana. Musadine zopitirira, jambulani mutumize kwa woyang'anira.

aSakala: Ndayang'ana. Ikuti chaka ndi 2012. Zikomo kwambiri.

Amai Daka: Ndabweranso, papita sabata ndi masiku awiri. Kalata ndinapereka Lachisanu kudzera kwa mkulu wa dipatimenti, aHedi anasaina Lolemba. Mnyamata uja anabwera yekha ku sitafu rumu ndi kalatayo m'manja, anati Amai mukanandionetsa chithunzi ichi tsiku loyamba. Anatsegula pa kompyuta ya mphunzitsi yokha, ndipo anaika YouTube ija yosefedwa, pansi pa vidiyo pamalembedwa kuti `Restricted Mode`. Lachitatu ana anaonera pa pulojekita, tinatseka makatani ndi zitenje ziwiri chifukwa dzuwa limalowa kwambiri. Pomwe mavavu a mtima amatseguka ndi kutsekeka, mtsikana wina wa kumbuyo anaika dzanja pachifuwa n'kumawerenga.

Koma zovuta ziwiri zatsala. Mwa mavidiyo anayi, imodzi ikukana, ija yosonyeza opaleshoni ya mtima. Ndipo dzulo m'mawa zonse zinatsekekanso, mpaka mnyamatayo anabwera kudzakonza.

aJere: Za dzulo ndikuganiza ndikudziwa. Nambala ija ya kompyuta, yoyamba ndi `192.168.1`, imaperekedwa ndi rauta, ndipo imatha kusintha makina akazimitsidwa n'kuyatsidwanso. Ngati chilolezo anachimangirira pa nambala, kompyuta ikalandira ina chilolezo chimatsalira pa yakale, mwinanso kugwera pa kompyuta ya mwana. Muuzeni aisungire nambala yokhazikika mu rauta, pa `DHCP reservation`, iye adziwa. Inunso mutha kuona nambala ya tsikulo polemba izi mu `cmd`, kawindo kakuda ka Windows kolembamo malamulo:

```
ipconfig
```

Ya opaleshoniyo yabisidwa ndi YouTube yeniyeniyo chifukwa cha `Restricted Mode`, mwina poona magazi, ndipo sefa ya sukulu ilibe mphamvu pa vidiyo imodzi monga ndinanenera. Kuti ioneke, ayenera kuchotsa kusefako pa kompyuta yonseyo.

Bambo Mwale: Ine ndikanakhala aHedi anu pamenepo ndikanakana. Kompyuta ya mphunzitsi mu labu siikhala ndi mphunzitsi nthawi zonse, mumatuluka kukatenga choko, ana amathamangirapo.

Natasha T.: Koma ndi ana a giredi 11, ena mwa iwo akufuna unamwino ndi udokotala. Kuwabisira opaleshoni ya mphindi zisanu chifukwa choopa choko? Akhoza kutsegula tsiku limodzi lokha, piriyodi imodzi.

Amai Daka: Nonse mukunena zoona, ndipo sindinaganize bwino chochita. Sindifuna kubwereranso kwa aHedi ndi pempho lachiwiri sabata yomweyo. Mwina ndiyamba ndafunsa mnyamatayo ngati kuchotsa kwa piriyodi imodzi ndi ntchito yaikulu kwa iye. aJere, mphunzitsi wa jogalafe waona zomwe zachitika ndipo akufuna Google Earth pa kompyuta yomweyo. Alembe kalata yakeyake, kapena tiwonjezere pa yanga?

aJere: Alembe yake, ndi masiku ake ndi maola ake. Koma ayambe wayesa kutsegula `earth.google.com` pa kompyutayo, mwina siyotsekedwa n'komwe. Ikakana, ajambule uthengawo kaye.